Katswiri wa Miyezi 7

Ku Kaporo kuli alimi amene mpaka lero sadziwa dzina limene makolo anga anandipatsa. Akandiona ndikutsika pa kabaza, buku la malisiti lili kukhwapa, amakuwa ali m'munda momwemo: "Mwaghona, a Katswiri!" Ine ndimayankha moni, n'kusekako pang'ono ngati nthabwalayo ndikuikonda. Sindiikonda. Dzinalo ndinadzipatsa ndekha, ndi kiyibodi, usiku wina wotentha wa mwezi wa Juni, ndipo palibe amene anandikakamiza.

Ndinafika ku Karonga kuchokera kwathu ku Dowa ndili ndi satifiketi ya MSCE, dipuloma ya zamalonda ya ku koleji ina ku Mzuzu, ndi malaya awiri oyera. Ntchito ndinaipeza pa kampani ina yaing'ono yogula ndi kupuntha mpunga wa Kilombero. Kalata yondilembera ntchito inati ndine kalaliki wa pasikelo. Alimi akabwera ndi matumba, ine ndinkayeza, kulemba lisiti, madzulo n'kulowetsa manambalawo mu Excel. Basi. Za mpunga ndinkadziwa kuti umanunkhira ukamapsa ndiponso kuti umayenda bwino ndi usipa.

Nditagwira miyezi 7, bungwe lina lobwereketsa ndalama la ku Lilongwe linati likufuna kudzationa lisanatipatse ngongole yogulira chigayo chatsopano. Pa mapepala amene anafuna panali kakuti titumize mbiri yachidule ya anthu ogwira ntchito zikuluzikulu, aliyense ndime imodzi. Mu ofesi timaitcha bayo. Si sivii ija ya masamba atatu yokhala ndi sukulu zonse kuyambira sitandade 1, ayi. Ndi kandime kamodzi kamene munthu wachilendo amawerenga m'galimoto ali panjira, kuti akafika adziwe woti amufunse chiyani. Ntchito yolemba inagwera ine chifukwa laputopu ndinkaisunga ndine.

Ndinayamba ndi abwana. Awa ndi munthu wobadwira ku Ngerenge, amene anali atakhala mu malonda a mpunga zaka 19, ndipo zaka 11 mwa izo akuyendetsa kampani yathu. Nditawafunsa zoti ndilembe, anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kudenga.

"Ungolembapo kuti ndimathandizako alimi. Kuti ndimayesetsako. Uwonjezere kuti ndine mkulu wa mpingo, ndili ndi ana asanu."

"Basi, bwana?"

"Basi, mwana wanga. Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika."

Ndinalemba momwemo, ndipo pomasulira m'Chingerezi ndinaonetsetsa kuti ka "ko" kalikonse kawoloka bwino. Mbiri ya munthu wosayinira macheke onse a kampani inatuluka mizere itatu, ikunena za bambo wina wofatsa amene amayesa kuthandiza pamene angathe.

Kenako ndinafika pa dzina langa. Kunena zoona dzina langa silinafunike kukhalapo, koma ndinadziuza kuti sikelo ndi mtima wa kampani. Inali ikukwana 10 koloko usiku, thukuta likuyenda ngati ndili m'bafa, udzudzu ukuimba. Ndinayang'ana mawu akuti "kalaliki wa pasikelo" ndipo anandionekera owonda. Ndinawafufuta n'kulemba "mkulu woona za ubwino wa mpunga". Pamenepo chala chinayamba kuyenda chokha. Ndinakhala katswiri wa ulimi wa mpunga. Ndinakhala wamasomphenya. Ndinadziwa zonse kuyambira kumunda mpaka kumsika. Ndinasintha kayendetsedwe ka kampani. Pomaliza ndinawerenga mawu anga, anakwana 140. A abwana anali 28. Ndinatumiza osaonetsa munthu, n'kukagona tulo tabwino kwambiri.

Alendo anafika Lachinayi m'mawa, atatu, wotsogolera ali mayi wina wamagalasi. Tinali titaika mipando pansi pa mtengo wa mango, alimi a m'komiti atabwera ndi azibale awo, mwina anthu 60. Abwana, monga mwa chizolowezi chawo, anali akunyamula mipando limodzi ndi anyamata. Mayi uja atatsika anawapatsa moni mwaulemu, n'kunena kuti, "Inu ndinu a mpingo aja eti? Mutitsegulira ndi pemphero." Abwana anati "chabwino", anavula chipewa, anapemphera. Atati ameni, alendo onse atatu anatembenukira kwa ine.

Chinandipha ndi wotanthauzira. Mayi uja anapempha kuti mbiri zathu ziwerengedwe kuti alimi adziwe amene akuwaimira, ndipo mphunzitsi wina wopuma anaimirira n'kuyamba kuzimasulira m'Chinkhonde, kwinaku akubwereza m'Chichewa. Ya abwana inatha munthu asanatsokomole. Yanga anaiwerenga pang'onopang'ono, akuima pa liwu lililonse ngati akulawa ndiwo. Atafika pa "katswiri", gogo wina amene dzulo lake anandionetsa kusiyana kwa Kilombero ndi Faya anaphimba kukamwa ndi chitenje. Mapewa ake ankagwedezeka.

Tinalowa mosungira katundu. Mayi uja anapisa dzanja m'thumba la mpunga wosapuntha, n'kundiyang'ana.

"Achimwene, chinyezi chili pa zingati umenewu?"

"Chili bwino, mayi."

"Bwino wake ndi zingati?"

Ndinayang'ana thumba, thumba linandiyang'ana. Anandipatsa kachipangizo koyezera chinyezi kamene kanali pa shelefu yathu yomwe, kamene ndinkakaona tsiku ndi tsiku koma ndinali ndisanakagwirepo. Ndinakatembenuza uku ndi uku ngati foni ya mwini wake. Anadikira. Kenako anafunsa lachiwiri: pa makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha, timatulutsa makilogalamu angati a mpunga woyera? Ndinaganiza kuti nambala yaikulu ndiyo isangalatse obwereketsa ndalama. Ndinati 95.

Madala oyendetsa chigayo, amene sanalembedwe n'komwe pa mapepala aja, anatsokomola kumbuyo kwanga. Anatola kambewu kamodzi, anakaluma ndi mano akutsogolo, kanalira kuti "thwa". Anati kali pakati pa 13 ndi 14, ndipo kachipangizo kanavomereza. Anafotokoza modekha kuti mpunga woti upunthidwe umafunika chinyezi cha pafupifupi 14 peresenti: ukakhala wonyowa umafumbutuka m'chigayo ndiponso umachita nkhungu m'matumba, ukaumitsitsa padzuwa la kunyanja kuno umang'aluka mkati n'kutuluka misere yokhayokha. Pa makilogalamu 100, mankhusu okha amatenga pafupifupi 20, deya pafupifupi 10. Chigayo chabwino chimafika cha m'ma 70, chathu chokalambacho chinkathera pa 62 kapena 63, ndipo n'chifukwa chake tinkafuna chatsopano. Ndiye kuti ine, ndi 95 wanga, ndinali nditangouza obwereketsa kuti chigayo chathu n'chozizwitsa ndipo ngongole sitikuifuna.

Mayi uja sanaseke. Anatseka faelo yake n'kufunsa funso limodzi lokha: "Pepani, kodi manijala wa pano ndi ndani?"

Abwana anakweza dzanja ali pakhomo, m'manja muli botolo la madzi limene dalaivala wa alendo anawatuma.

Alendo anatipatsa masabata awiri kuti tikonze mapepala. Abwana sanandikalipire, zomwe zinawawa koposa. Anangoti ndikalembenso, ndipo ndikapereke kwa amayi owerengera ndalama asanatumize.

Apa mungaganize kuti ndinaphunzira. Chimene ndinachita ndi kutembenuza tebulo. Ya abwana ndinaithira zonse zimene ndinavula kwa ine: anakhala mkango wa malonda, wamasomphenya, tate wa mpunga wa Kilombero, amene yekha anatukula alimi a m'boma la Karonga. Yanga ndinaigwaditsa. Ndinalemba kuti ndine mnyamata wongoyamba kumene, wosadziwa zambiri, amene akuthokoza mwayi wopatsidwa ndipo akulonjeza kuyesetsa. Ndinaona kuti ndalapa mokwanira.

Amayi owerengera ndalama ndi a ku Chilumba, anthu osachedwa ndi mawu. Anawerenga zonse ziwiri, anavula magalasi, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, Kilombero ankalimidwa kuno abwanawo asanayambe kuvala kabudula. Apampando a komiti ya alimi akamva kuti ali ndi tate watsopano, chaka chamawa mpunga akagulitsa kwa mavenda a ku Songwe. Nanga iwe, wosadziwa zambiri, ndani angabwereke ndalama kampani imene pasikelo pake, pamene ndalama zonse zimatulukira, paima munthu wodzinenera yekha kuti sadziwa kanthu?"

Ndinati ndimafuna kudzichepetsa.

"Sabata yatha unanama mokweza, lero wanama motsitsa. Bodza ndi lomwelo."

Anatenga buku lakale la malisiti, anatembenuza kuseri, n'kundiuza kuti tilembe m'Chichewa kaye, Chingerezi chibwere pambuyo, chifukwa munthu sachedwa kudzigwira bodza m'chilankhulo chimene amalotera. Anandiuzanso za mlamu wawo: mgodi wa Kayelekera utatsegulidwa mu 2009, iye analemba kalata yofunsira ntchito akudzitcha wodziwa za migodi, pomwe dzenje lalikulu limene anakumbapo pa moyo wake linali la chimbudzi. Anati matenda anga si achilendo m'boma lino.

Njira yawo inali yosavuta koma yopweteka. Chiganizo chilichonse ankachifunsa mafunso awiri. Loyamba: ndani angachitire umboni? Lachiwiri: mlendo akafunsa funso lotsatira, mwini mbiri ayankha? "Katswiri wa mpunga" anagwa pa lachiwiri, ndipo tonse tinali titaona mmene anagwera. "Wamasomphenya" anagwa pa loyamba, pakuti masomphenya alibe lisiti. Mawu onse otamanda munthu popanda kutchula chimene anachita anapita m'dengu, a abwana ndi anga omwe.

Ndiye tinakhala pa mbiri ya abwana, ndipo apa ndi pamene ndinamvetsa chimene chinalakwika tsiku lija. Mlendo wobwereketsa ndalama akamawerenga za mkulu wa kampani safuna kudziwa ngati ndi munthu wabwino. Akufuna kudziwa amene adzayankhe zinthu zikavuta. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mbiri ya mkulu iyenera kuonetsa kuti mutuwo ndi uwu. Ka "ko" kaja ndiko kanatiwononga. "Amathandizako" pakamwa pa munthu wamkulu ndi ulemu, ndipo aliyense wa ku Ngerenge amamva kuti munthuyo ndiye mwini zonse. Koma papepala, kwa munthu amene sanakuonenipo, "amathandizako" amatanthauza kuti pali wina woyendetsa amene sanatchulidwe. Amayi aja anadula "ko" aliyense. Anachotsa "amayesetsa", anaika mawu osonyeza ulamuliro: amayendetsa, anatsogolera, anasayinira, amayankha za. Kenako anatsegula mabuku awo n'kuyamba kutulutsa manambala, chifukwa anati mkulu salankhula mokweza, amangotchula kukula kwa katundu amene wasenza.

Inatuluka chonchi: "Akhala mu malonda a mpunga zaka 19, ndipo akuyendetsa kampaniyi kwa zaka 11. Amayang'anira antchito 18 ndipo amagula mpunga kwa alimi oposa 600 a ku Kaporo ndi madera ozungulira. Pa nthawi imene akhala akutsogolera, mpunga umene kampani imapuntha pachaka wakwera kuchoka pa matani 150 kufika pa matani 400. Anasayinira ngongole ziwiri za kubanki, ndipo zonse zinabwezedwa pa nthawi yake."

Taonani mawu akuti "pa nthawi imene akhala akutsogolera". Ine ndinafuna kulemba kuti "anakweza". Amayi aja anakana. Matani 400 analimidwa ndi alimi, anapunthidwa ndi madala a chigayo, anagulitsidwa ndi anthu ena. Mkulu ali ndi ufulu wotchula zotsatira za gulu lonse chifukwa zikanavuta akanayankha ndi iye, koma alibe ufulu wolankhula ngati anachita ndi manja ake. Za mpingo ndi ana asanu tinazichotsa, osati chifukwa n'zopanda pake, koma chifukwa tinali titaona ntchito imene zinawapezera.

Vuto linali loti abwana eni ake avomereze. Atawerenga anabweza pepala ngati likutentha.

"Ayi, amayi. Anthu adzati ndikudzitama."

"Pali bodza, bwana?"

"Palibe."

"Nanga pali liwu lokuyamikirani?"

Anawerenganso, akuyendetsa chala. Panalibe. Amayi aja anawakumbutsa za chinyama chija cha ku nyumba yosungira zakale pa boma, Malawisaurus, chimene ana asukulu akhala akupita kukachiona kuchokera pamene nyumbayo inatsegulidwa mu 2004. Anati munthu akaima pansi pa mafupa aja safuna wina womuuza kuti ichi chinali chinyama chachikulu. Amangofuna dzina lake, kumene chinapezeka ndi zaka zake. Abwana anaseka, anati sanayembekeze kuti adzayerekezedwa ndi mafupa akali moyo, ndipo anasayina. Chinathandizanso n'choti mbiriyo inalembedwa ngati akunena ndi munthu wina. "Amayendetsa" amamezeka kusiyana ndi "ndimayendetsa".

Yanga ndinaganiza kuti itha msanga, poti panalibe chonena. Inatenga nthawi yaitali kuposa ya abwana. Amayi aja anandiuza kuti ndisaganize kuti wamng'ono ayenera kulankhula monong'ona. Kulimba kwa mawu n'kofanana, chosiyana ndi kukula kwa bwalo. Abwana amalankhula motsimikiza za kampani yonse ndi zaka 11. Ine ndiyenera kulankhula motsimikiza chimodzimodzi, koma za sikelo imodzi ndi miyezi 7, osadumpha mpanda ngakhale ndi phazi limodzi. Udindo ulembedwe monga uli pa kalata ya ntchito. Miyezi itchulidwe poyera, pakuti wowerenga akaona kuti zaka zabisika amadziwa kuti n'zochepa, ndipo amayamba kukaikira zina zonse, mpaka manambala a pa tsamba la ndalama.

"Wayeza matumba angati chibwerere?"

Ndinatsegula Excel. Anali 3,200, a makilogalamu 50.

"Ndi matani 160 amenewo. Anadutsa m'manja mwako. Wapezapo cholakwika chilichonse?"

Ndinakumbukira kuti mwezi wa Meyi, poyerekeza malisiti ndi buku la mosungira katundu, ndinapeza matumba 23 olembedwa kawiri, ndipo ndalama zake zinali zisanatuluke. Ndinali nditauza amayiwo, iwo anakonza, nkhani inathera pomwepo. Usiku uja wa masomphenya sindinaikumbukire n'komwe. Inandionekera yaing'ono kwambiri kwa munthu amene wasintha kayendetsedwe ka kampani.

"Ndiye mbiri yako imeneyo," anatero.

Tinalemba: "Ndi kalaliki wa pasikelo, ndipo wagwira ntchitoyi miyezi 7. Ali ndi dipuloma ya zamalonda. Wayeza ndi kulembera malisiti matumba 3,200, ndipo amasunga kaundula wa zogula zonse pa kompyuta. Mu Meyi anapeza matumba 23 amene analembedwa kawiri ndalama zisanalipidwe. Panopa akuphunzira kuyeza chinyezi ndi kusankha magiredi a mpunga kwa woyendetsa chigayo."

Mawu ake ndi a manja: wayeza, amasunga, anapeza. Palibe "anatsogolera", palibenso "akuthokoza mwayi". Chiganizo chomalizacho ndi chimene wamng'ono amaloledwa koma mkulu saloledwa. Kalaliki akalemba kuti akuphunzira kuyeza chinyezi, wowerenga amaona munthu wopita patsogolo. Manijala amene wakhala mu malonda zaka 19 atalemba zomwezo, wowerenga angabweze cheke m'thumba. Koma amayi aja anandichenjeza kuti nachonso chiyenera kupirira mafunso awiri aja. Choncho madzulo omwewo ndinapita kwa madala a chigayo, ndinagwada pang'ono, n'kupempha kuti andiphunzitse. Anandiyang'ana, anati, "A Katswiri akufuna sukulu?" Kenako anandipatsa kambewu. Tinawonjezanso mbiri yawo pa mapepala, zaka 26 ali pa zigayo, ndipo tinaiika pamwamba pa yanga.

Mayi wamagalasi anabweranso patatha mwezi. Nthawi ino anapita molunjika kwa abwana, anakhala nawo mu ofesi maola awiri, ndipo pemphero anatsegulira mphunzitsi wopuma uja. Potuluka anaima pa sikelo yanga.

"Achimwene, tandiuzani za matumba 23 aja."

Ndinalankhula mphindi khumi osapuma. Ndinawaonetsa malisiti, manambala ake otsatizana, tsiku limene magetsi anazima n'kuchititsa kuti ena alembedwe pamanja kenako alowetsedwenso. Funso lililonse limene anafunsa, yankho linali m'buku langa. Anagwedeza mutu, analemba kanthu mu faelo.

Ndikanalekera pomwepo. Koma mlimi wina anali atangotsitsa thumba pa njinga, ndipo mtima unandiuza kuti ino ndi nthawi yofufuta manyazi aja. Ndinapisa dzanja, ndinatola kambewu, ndinakaluma monga ndinaphunzitsidwira, ndinatseka maso kuti ndimve bwino.

"14, mayi."

Madala a chigayo anathira mbewu m'kachipangizo, anadikira, n'kukatembenuzira kwa mayi uja osanena kanthu. Kanalemba 17.

"Papepala palembedwa kuti akuphunzira," anatero amayi owerengera ndalama ali pawindo.

Mlimi uja anasenza thumba lake kukaliyanikanso, ndipo podutsa pafupi nane anati, "Ndagha, a Katswiri."